Intaneti ya pa waya wa lamya ikukwawa pomwe ya aneba ikuthamanga

Amake Tadala: Abale mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru ndisanaponye rauta iyi mu bini. Tinasamukira m'nyumba ina kuno ku Leicester miyezi itatu yapitayo, nyumba zakale zija zogundizana khoma. Faiba m'nyumba muno mulibe, tili pa ADSL ya pa waya wa lamya. Ndikayeza sipidi ndikupeza 2 Mbps, madzulo imatsika kufika pa 1. Mayi wa khomo lotsatira ali ndi kampani yomweyi, waya wathu ndi wawo ukuchoka pa mtengo umodzi, koma iwo akupeza 9 kapena 10. Chondinyansa kwambiri, foni ya m'nyumba ikangolira intaneti imaduka. Dzulo ndimalankhula ndi amayi ku Dedza pa vidiyo, foni kungoti ngrii, basi nkhope yawo yauma pomwepo kukamwa kuli yasa.

Kondwani: Asisi imeneyo ndi wayifayi. Nyumba za njerwa zakalezo makoma ake ndi ochindikala. Rauta ikwezeni pamwamba, musaibise kuseri kwa kanema.

Amake Tadala: Achimwene ndinayeza ndi laputopu yolumikiza ndi chingwe ku rauta, ndi 2 yemweyo.

Chisomo wa ku Joni: Mwina bandulo yatha ndiye akuchepetserani dala? Kuno amatero ukadutsa malire.

Amake Tadala: Ayi, yathuyi ilibe malire, timalipira pamwezi.

Ankolo Mbewe: Amake Tadala, mfundo mwaitchula kale nokha: foni ikalira intaneti imaduka. Wayifayi sidziwa kuti foni yalira. Vuto lili pa waya. Tisanayambe kulota, lowani mu rauta pa laputopu ija. Adiresi yake yalembedwa pa chipepala chomata kunsi kwake, kawirikawiri ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Mufune tsamba lolembedwa DSL kapena Broadband, mutikopere manambala onse omwe muwaone. Ndipo mundiwerengere masoketi a foni m'nyumba monsemo, ndi chilichonse chomwe chalowetsedwamo, ngakhale chimene mukuganiza kuti sichigwira ntchito.

Amake Tadala: Ndapeza izi ankolo.

```
Uptime                5:12:40
              Downstream   Upstream
Rate (kbps)      2336        604
Attenuation (dB) 41.0        23.5
SNR Margin (dB)  12.1        6.0
CRC Errors       48213       112
```

Masoketi alipo anayi. Ya pakhomo polowera ndi yaikulu, ili ndi mzere pakati ndi chizindikiro cha Openreach, kampani yosamalira mawaya a lamya, pamenepo pali foni yopanda chingwe ndi kabokosi kafyuluta. Ina ili pabalaza kuseri kwa kanema, ina kuchipinda kumwamba, ina kukhitchini. Rauta ili kuchipinda kwa Tadala pa chingwe chachitali chophwatalala chomwe bambo ake anagula, chadutsa pansi pa kapeti kuchokera soketi ya kuchipinda kwathu.

Ankolo Mbewe: Eya, tsopano tikulankhula. Nambala ya 41.0 ikutiuza kuchuluka kwa mphamvu yomwe ikutayika panjira kuchokera ku ekisichenji, komwe kuli makina a lamya a dera lanu, kufika pa rauta yanu. Ndi ya mtunda wa pafupifupi makilomita atatu. Laini yotere ikakhala yaukhondo imanyamula 8, 9, nthawi zina kuposa apo, ndiye aneba anuwo sakunama. Inu rauta yanu yagwirizana ndi ku ekisichenji pa 2336 basi, ndiye kuti 2 Mbps ndi pang'ono. Ndiye musavutike ndi kuyeza sipidi pa intaneti, sipangatuluke zoposa nambala imeneyo.

Koma yondiuza zambiri ndi 12.1 ija. Tiyerekeze muli pa basi depoti ya ku Lilongwe mukulankhula ndi munthu ali patali. Kuti amve, mawu anu ayenera kukwera pamwamba pa phokoso ndi kampata kena. Kampata kameneko nthawi zonse makampani kuno amakaika pa 6. Laini ikamadukaduka, makina a ku ekisichenji amadzikwezera okha, 9, kenako 12, mpaka 15, kuti isamaduke. Kukweza kulikonse mumalipira ndi sipidi. Ndiye yanuyi makinawo anaiona kale kuti ndi yodwala, anaimanga mabuleki kawiri. Ndi mabuleki onsewo mwapezabe zolakwika 48213 m'maola asanu okha. M'nyumbamo muli phokoso.

Kondwani: Ndiye ndi fyuluta ankolo. Asisi, gulani fyuluta yatsopano muike pa rauta, nkhani yatha.

Ankolo Mbewe: Wagwira mchira Kondwani, mutu wausiya. Fyuluta siyeretsa chilichonse cholowa mu rauta. Mukaitsegula mupeza kuti khomo la rauta ndi waya wongodutsa, zosefazo zili ku khomo la foni. Mawu athu amayenda pansi, osapitirira 4 kHz, pomwe ADSL imayambira pa 25 kHz kukwera mpaka 1.1 MHz, kapena 2.2 MHz ikakhala ADSL2+. Ntchito ya fyuluta ndi kutsekereza foni kuti isakhudze kumtundako. Choncho funso si lakuti rauta ili ndi fyuluta ayi. Funso ndi lakuti pali chinthu china pa laini chomwe chilibe fyuluta? Chimodzi chokha, ngakhale chili kuchipinda kwina, chimaipitsa nyumba yonse chifukwa waya ndi mmodzi.

Amake Tadala simunandiuze za soketi ya kuseri kwa kanema. Suzumiraniko.

Amake Tadala: Ha! Ankolo ndinu mfiti kodi? Ndasuntha kabati, muli kachingwe kochokera m'soketi kupita ku dikoda yakale yomwe tinaipeza m'nyumba muno. Ana amaonerapo machanelo aulere. Fyuluta palibe. Fumbi lake ndiye musanene.

Ankolo Mbewe: Zulani. Madikoda akale a setilaiti ankalumikizidwa ku lamya, anthu amasamuka n'kuwasiya choncho. Kuonera machanelo aulere sikufuna lamya.

Nachisale: Ine zanga zinali zina. Chaka chatha m'Disembala yathu imaduka tsiku lililonse 5 koloko madzulo, kubwerera 11 usiku. Tinasintha mafyuluta onse, ayi ndithu. Mapeto ake tinapeza kuti ndi timagetsi ta pa mtengo wa Khirisimasi tomwe abambo akunyumba anagula motchipa, tinali ndi kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa. Amake Tadala onani ngati muli ndi chaja kapena nyali yomwe imalira kuti ziii.

Ankolo Mbewe: Zimachitikadi zimenezo a Nachisale, ndipo chosakira chake ndi kawailesi ka mabatire, kuika pa AM cha pa 612 kHz n'kumayenda nako m'nyumba, phokoso likakula mwafika pa wolakwa. Koma zanuzo zinali ndi ola lake. Apa vuto lilipo usana ndi usiku, ndiye tiyambe ndi waya.

Amake Tadala: Ndazula, ndazimitsa rauta n'kuyatsanso. Pano yalemba 3870. Yakwera koma sitinafike kwa aneba.

Ankolo Mbewe: Chabwino. Koma chenjezo: musamangozimitsa ndi kuyatsa kambirimbiri tsiku limodzi. Makina aja sadziwa kuti mukukonza, amangowerenga kuti laini yaduka kakhumi, n'kukuwonjezerani mabuleki. Lero tizimitsenso kamodzi kapena kawiri basi, ndipo muzithimitsa magetsi a rauta kaye musanazule chingwe cha lamya.

Kodi muli ndi foni ya chingwe, yachikale ija yosafuna magetsi? Yopanda chingwe ili ndi kaphokoso kakekake, singatithandize.

Amake Tadala: Ndabwereka kwa aneba omwewo, ayamba kundiseka.

Ankolo Mbewe: Ilowetseni pa fyuluta ya pakhomo, muimbe 17070, mukamva mawu musankhe 2. Laini ikhala chete kuti mumvetsere. Pa makampani ena nambalayi sigwira, zikatero ingodinani nambala imodzi iliyonse kuti kulira kuja kusiye, mumvetsere timasekondi tomwe kuli zii. Chitani rauta ili yoyaka, kenako yozima.

Amake Tadala: Yagwira. Rauta ili yoyaka ndikumva kuti shiii ngati mvula ikugwa patali pa malata. Nditazimitsa rauta kwangoti zii.

Ankolo Mbewe: Ndiye chomwe mukumvacho ndi intaneti yanu yomwe ikudutsira ku foni, kumene siyenera kufika. Kawirikawiri ndi fyuluta yotopa, nthawi zina ndi polumikiza waya pomwe pachita dzimbiri. Kukanakhala kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, rauta ili yozima, ndikanati pali waya wothyoka kapena madzi alowa penapake. Fyulutayo itayeni, ndi yotchipa.

Tsopano chachikulu. Soketi ya pakhomo ija yokhala ndi mzere pakati, chigawo chake chakunsi chili ndi masikuluwu awiri. Masulani, mukoke pang'onopang'ono chifukwa kuseri kwake kuli timawaya topita ku masoketi enawo, musatidule. Mkatimo muona soketi ina yobisika kudzanja lamanja. Imeneyo ndi yoyesera. Mukachotsa chivundikirocho, mawaya onse a m'nyumba achoka pa laini, mwatsala inu ndi waya wa kampani basi. Tsitsani rauta kuchokera kumwamba, muilumikize mkatimo ndi fyuluta yatsopano ndi kachingwe kake kakafupi komwe kanabwera m'bokosi.

Yamikani: Pepani ankolo, kodi zimenezi n'zololedwa? Nyumba ndi ya lendi, komanso magetsi sangamugwire munthu?

Ankolo Mbewe: Chigawo chakunsicho anachipanga dala kuti wokhala m'nyumbamo azichotsa, ngakhale kampani mukaiimbira imakuuzani kuti muchite zomwezi. Chosaloledwa ndi kumasula chakumbuyo chomwe waya wochokera panja wafikirapo. Mphamvu ya pa lamya ndi pafupifupi mavoti 50, siivulaza, koma foni ikalira mutagwira waya imaluma ndithu. Ine yandilumapo kangapo ndili pamwamba pa mtengo, masiku omwe ndinkagwira ntchito za malamya kumudzi.

Amake Tadala: Ndapita kukagula mafyuluta awiri, ndachita zonse. Abale onani!

```
Rate (kbps)      7104        1020
Attenuation (dB) 38.5        22.0
SNR Margin (dB)  12.0        6.2
CRC Errors       14          0
```

Imeneyi ndi patatha ola limodzi. Shiii uja wasowanso.

Kondwani: Eee, kuchoka pa 2 kufika pa 7 ndi sikuludiraiva basi? Ndavula chipewa madala.

Ankolo Mbewe: Ndiye taona poyera kuti waya wa kampani ulibe mlandu waukulu. Mukanaitana injiniya wa kampani, akanafika n'kuyeza pa soketi yamkatiyo, n'kupeza zonse zili bwino, bilu ya ulendo wake n'kukhala yanu. Onaninso kuti 41.0 yatsika kufika pa 38.5. Ekisichenji sinasunthe, kusiyanako kumatayikira m'nyumba mwanu momwemo.

Olakwa otsala ndikuwaganizira awiri. Woyamba ndi chingwe cha bambo a Tadala. Waya wa lamya weniweni ndi timawaya tiwiri topotana ngati chingwe cha khonje. Phokoso likabwera limagunda tonse tiwiri mofanana, rauta n'kulitaya chifukwa iyo imangowerenga kusiyana kwa pakati pawo. Chophwatalalacho timawaya take tangogona pambalipambali osapotana, ndiye mamita khumi ndi asanu a chimenecho ndi mlongoti wa wailesi. Chikadutsanso pafupi ndi mawaya a magetsi ndiye kwatha.

Amake Tadala: Bambo ake ali pano akuti chingwecho anagula chodula, asanyozedwe.

Ankolo Mbewe: Mundipepesere kwa achimwene angawo, pa foni chimagwira bwino kwabasi. Chisungeni, muziyanikapo zovala.

Wachiwiri ali kuseri kwa chivundikiro mwachotsacho. Tatiuzani, pali manambala ndi timawaya tamitundu yanji?

Amake Tadala: Pa 2 pali tabuluu, pa 5 pali toyera ta mizere yabuluu, pa 3 pali taolenji. Paliponse talowa tiwiritiwiri.

Ankolo Mbewe: Ndi ameneyo. Laini imayenda pa 2 ndi 5 basi. Wa pa 3 ndi waya wa belu, wa nthawi ya mafoni akale omwe ankadalira soketi yaikulu kuti alire. Vuto lake ndi lakuti ali yekha, alibe mnzake wopotana naye pa ntchitoyo, ndipo walumikizidwa ku mbali imodzi ya laini. Ndiye amayenda nyumba yonse kutola phokoso n'kulithira mbali imodzi, kufanana kuja n'kusokonekera. Nkhani ya madzulo ija mwina ndi yomweyi. Mawailesi a AM amaulutsa m'dera lomwelo lomwe ADSL imadutsa, ndipo kukada amamveka kuchokera kutali kwambiri. Amene munakulira kumudzi mukukumbuka kuti usiku kawailesi kankagwira masiteshoni akunja omwe masana kunalibe. Waya wa beluwo ukugwiranso omwewo.

Kokani taolenji tonse tiwiri pa 3, mutipinde kumbuyo tisakhudze kanthu. Musadule, kuti landilodi akadzafuna mudzabwezere.

Yamikani: Apa ndiye ndikukana ankolo. Msuweni wanga ku Luton anachotsa waya ameneyo, sipidi sinasinthe ngakhale pang'ono, ndipo foni yakumwamba inasiya kulira. Anthu amangokokomeza za waya wa beluyu.

Ankolo Mbewe: Zonse ziwiri n'zotheka a Yamikani. Ngati mawaya a m'nyumba ndi aafupi, kapena chivundikiro chake ndi chatsopano chokhala kale ndi kotsekereza phokoso pa waya wa belu, simuona kusintha. Foni yosiya kulirayo ndiye kuti inali yachikale ndipo inalowetsedwa m'khoma popanda fyuluta, pakuti fyuluta iliyonse ili ndi kake kolizira belu. Ndiye msuweni wanuyo anali ndi foni yopanda fyuluta pa laini, n'kutheka kuti n'chifukwa chake sipidi sinakwere.

Yamikani: Sindikudziwa ngati inali ndi fyuluta, ndimufunsa. Koma ine ndikanangogula chivundikiro chija chokhala ndi fyuluta mkati, cha makomo awiri, n'kuiwala zokoka mawaya.

Ankolo Mbewe: Pamenepo sindikutsutsani, ndiyo njira yaukhondo kuposa zonse, chifukwa chimasefa pakhomo pomwepo, masoketi onse a m'nyumba n'kutsala a mawu okhaokha. Kungoti rauta iyenera kukhala pa soketi yaikuluyo mpaka kalekale, kumwamba singagwirenso. Ine ndimafuna Amake Tadala aone kaye kusintha lero osadikira positi.

Amake Tadala: Ndakoka taolenji, ndabwezera chivundikiro, rauta ndaisiya pakhomo pomwepo pa kashelefu ka nsapato. Yagwira pa 6790. Yatsikako pang'ono poyerekeza ndi mkati muja koma si 2 uja. Ndayesa kuimbira foni ya m'nyumba ndi ya m'manja, yalira, intaneti osaduka. Koma tsopano kuchipinda kwa Tadala wayifayi ikufika yofooka, akudandaula kale.

Kondwani: Mwaona! Ndinanena ine za makoma.

Ankolo Mbewe: Pano ndiye nthawi yako yakwana Kondwani. Ngati mukufuna kukoka chingwe kupita kumwamba, kokani cha netiweki kuchokera kuseri kwa rauta, chimayenda mpaka mamita 100 osataya kanthu. Chachitali chizikhala pambuyo pa rauta, osati patsogolo pake.

Za 12 uja, musiyeni rauta ikhale yoyaka osaigwira masiku angapo. Makina amatha kumasula mabuleki okha akaona kuti laini yakhazikika, koma amachedwa. Ikapita sabata osasintha, imbirani kampani muwauze kuti vuto linali mawaya a m'nyumba, mwakonza, akubwezereni pa 6. Ndikuyembekeza kuti mupeza 2 Mbps ina pamwamba, pena kuchepera apo.

Chisomo wa ku Joni: Koma inu a ku Mangalande mukadali pa waya wa kopa mpaka lero? Kuno ambiri tinausiya kalekale, mbava zinkangoudula usiku. Ingoikani faiba asisi.

Amake Tadala: Landilodi wakana zoboola khoma achimwene, nanga nditani.

Ankolo pali kanthu kena ndaiwala kunena. Nthawi ija chivundikiro chili chochotsa ndinazungulira ndi foni ya aneba kuyesa masoketi. Ya pabalaza inali yakufa, ya kuchipinda yakufa, koma ya kukhitchini imalirabe bwinobwino. Zili bwino zimenezo?

Ankolo Mbewe: Aaa. Ayi sizili bwino, ndipo mwachita bwino kuyesa. Chivundikiro chikachoka, soketi iliyonse iyenera kufa. Ya kukhitchiniyo ndiye kuti wina anaiba laini isanafike pa soketi yaikulu, mwina pa kabokosi kolumikizira kunja kwa khoma kapena kudenga. Ndiye ngakhale 7104 ija sinali laini yoyera, inali ndi nthambi ikulendewera. Waya wopita kosalumikizidwa kanthu amabweza mbali ina ya mphamvu ngati mawu obwerera m'phanga, ndipo amadya sipidi. Chivundikiro cha a Yamikani sichingaithandizenso nthambi imeneyo chifukwa yapatuka chisanafike.

Yamikani: Ndiye angodula basi, tsatirani waya wa kukhitchini mpaka pomwe wayambira.

Ankolo Mbewe: Mbali imeneyo si yawo, chilichonse chisanafike pa soketi yaikulu ndi cha eni laini. Mukadula wolakwika nyumba yonse ikhala zii, kuitana wokonza n'kulipira. Ndipo popeza analumikiza molakwika si kampani, akhoza kulipiritsa ndithu pokonza. Imeneyo ndi nkhani ya landilodi.

Nachisale: Landilodi wokana kabowo ka faiba alipira injiniya chifukwa cha soketi ya kukhitchini? Amake Tadala ingoisiyani, bola musalowetsemo kanthu.

Amake Tadala: Ndabweranso abale, papita masiku naini. 12 uja anatsika yekha kufika pa 9, ndinaimba foni anandibwezera pa 6. Pano ili pa 8832, madzulo kampata kaja kamatsika kufika cha pa 4 koma sikuduka. Aneba akadali patsogolo ndi 10 wawo. Waya wa kukhitchini ndautsatira ndi maso, watuluka pa zenera, wakwera khoma lakuseri, walowa m'kabokosi kotuwa pansi pa denga komwe chivundikiro chake chang'aluka. Ndamutumizira landilodi chithunzi Lachiwiri, waona koma sanayankhe.

Ankolo Mbewe: Kabokosi kong'alukako ndiye nkhani ina, kameneko mukhoza kukanena ku kampani chifukwa madzi alowamo. Dikirani tsiku la mvula muimbenso 17070 pa soketi yamkati, rauta ili yozima. Mukamva kuthetheka, muwaimbire nthawi yomweyo phokosolo lili pa laini, ndipo munene kuti ndi vuto la mawu pa foni, osatchula za sipidi.

Amake Tadala: Kuno mvula sitidikira nthawi yaitali ankolo. Foni ya aneba sindibweza kaye.